Mukaphonya gawo la ngongole: momwe mungawerengere nokha chindapusa ndi chiwongoladzanja cha chilango

Tsiku lobweza ngongole likadutsa musanalipire, ndalama imene ikufunika imayamba kusintha tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri ndalama ikapezeka amangopereka gawo lomwe lija la mwezi ndi mwezi, n'kutenga risiti, mtima n'kukhala pansi poganiza kuti nkhani yatha. Pakapita miyezi itatu amadabwa kumva kuti akadali m'mbuyo, chikhalirecho akhala akulipira pa tsiku lake. Ndinaziona pa sitetimenti ya m'bale wanga wina: anachedwa kamodzi kokha, koma mzere wa chindapusa unkaoneka mwezi uliwonse mpaka pansi pa pepala. Tinakhala patebulo ndi pensulo usiku wonse, ndipo njira imene tinatsata ndi yomwe ndikufotokoza pano.

Tiyenda ndi ngongole imodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Manambala ake ndi achitsanzo chabe, inu muikemo anu.

Munthu wabwereka 120,000 kuti abweze m'miyezi 12. Chiwongoladzanja ndi 24 peresenti pachaka, kutanthauza 2 peresenti pamwezi, ndipo chimawerengedwa pa ndalama imene yatsala. Gawo la pamwezi ndi 11,347, lolipiridwa pa 5 mwezi uliwonse. Walipira bwinobwino magawo atatu oyamba. Lachinayi waphonya.

Choyamba, ling'ambeni pawiri gawo lomwe mwaphonyalo

Tengani ndandanda wa kabwezedwe umene anakupatsani posayina. Ngati munataya, pemphani wina. Gawo lililonse lili ndi zinthu ziwiri mkati mwake: chiwongoladzanja cha mwezi umenewo, ndi kachidutswa ka ndalama yeniyeni imene munabwereka. Ndalama yeniyeniyo tiyitcha thunthu la ngongole.

Pa ngongole yathuyi, magawo atatu atalipiridwa, thunthu latsala 92,619. Chiwongoladzanja cha mwezi wachinayi ndi 2 peresenti ya ndalama imeneyi, chomwe ndi 1,852. Mukachotsa 1,852 pa 11,347 pakutsala 9,495, ndipo iyi ndi imene inayenera kutsitsa thunthu kufika pa 83,124.

Lembani manambala atatuwa pamwamba pa pepala: gawo lonse 11,347, thunthu la m'gawomo 9,495, thunthu lonse lotsala 92,619. Zonse zimene zikubwera zikuwerengedwa pa imodzi mwa nambala zitatuzi, ndipo mikangano yambiri ndi wobwereketsa imachokera pakuti inu mukuwerengera pa ina, iye pa ina.

Chachiwiri, pezani ndime ya kuchedwa mu mgwirizano

Apa m'pofunika kufatsa. Ndime imeneyi kawirikawiri imakhala chakumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo zimene mukufuna zimatha kumwazikana m'malo awiri kapena atatu.

Yambani ndi kusiyanitsa chindapusa ndi chiwongoladzanja cha chilango, chifukwa si chinthu chimodzi. Chindapusa chimagwa kamodzi, ngati mwala. Ikhoza kukhala ndalama yokhazikika, kapena peresenti ya gawo lomwe lachedwalo, koma mukachedwa sabata imodzi kapena masabata atatu chimakhala chomwecho. Chiwongoladzanja cha chilango chimadontha tsiku lililonse kufikira tsiku limene mudzalipire. Obwereketsa ena amalipiritsa chimodzi mwa ziwirizi, ena zonse.

Pa chiwongoladzanja cha chilango dzifunseni mafunso atatu. Loyamba: chikuwerengedwa pa ndalama iti? Pa gawo lochedwa lokha, pa thunthu la m'gawomo, kapena pa ngongole yonse yotsala? Lachiwiri: peresenti yalembedwayo ndi ya pachaka, ya pamwezi kapena ya patsiku? Lachitatu: ikuwonjezedwa pamwamba pa chiwongoladzanja chanthawi zonse, kapena ikulowa m'malo mwake? Mgwirizano ukanena kuti ndalama yochedwa ibereka 36 peresenti pachaka, ndipo wina ukanena kuti ibereka 12 peresenti pamwamba pa 24 ija, mapeto ake amayandikana. Koma mukasokoneza n'kuika 36 pamwamba pa 24, mwadzilipiritsa kawiri. Ndipo wobwereketsa akasokoneza chimodzimodzi, inu ndi amene muyenera kuona.

Kenako onani masiku achisomo, masiku ochepa amene amakudikirani asanakulangeni. Ngakhale apa pali kamsampha. Migwirizano ina imati masiku achisomo akatha, chilango chiyambe kuwerengedwa kuchokera pamenepo. Ina imati mukangowapitirira, chilango chibwerere m'mbuyo n'kuyambira pa tsiku lenileni lobwezera, ngati kuti chisomocho panalibe. Komanso chisomo nthawi zambiri chimangoimitsa chilango. Pa ngongole yowerengedwa tsiku ndi tsiku, chiwongoladzanja chanthawi zonse chimapitirirabe kuyenda m'masiku amenewo.

Mgwirizano wa chitsanzo chathu ukuti: masiku achisomo ndi asanu, akadutsa, chindapusa ndi 500 pa gawo lililonse lomwe silinalipiridwe lonse, chiwongoladzanja cha chilango ndi 12 peresenti pachaka pa gawo lochedwa, chowonjezera pa chanthawi zonse, kuyambira tsiku lobwezera, chaka chimawerengedwa masiku 365.

Chachitatu, werengani masiku

Tsiku lobwezera silimawerengedwa ngati lochedwa. Ngati munayenera kulipira pa 5 ndipo mwalipira pa 25 mwezi womwewo, mwachedwa masiku 20. Tsiku lowerengera ndi limene ndalama yalowa mu akaunti ya ngongole, osati limene munaitumiza. Mukatumiza kuchokera kubanki ina madzulo a Lachisanu, ikhoza kulembedwa Lolemba, ndipo ngati chisomo chinathera Loweruka, chindapusa chonse chakugwerani chifukwa cha maola ochepa.

Chachinayi, werengani zokwera zonse zitatu

Kawerengedwe ka chiwongoladzanja cha tsiku ndi tsiku ndi kamodzi kokha:

```
ndalama × peresenti ya pachaka ÷ 100 ÷ 365 × masiku
```

Chindapusa sichifuna kuwerenga: 500.

Chiwongoladzanja cha chilango: 12 peresenti ya 11,347 ndi pafupifupi 1,362 pachaka. Kugawa ndi 365 kukupereka 3.73 patsiku. Masiku 20 akupereka 75.

Chachitatu ndi chomwe anthu amaiwala, chifukwa sichitchedwa chilango ndipo nthawi zina sichikhala ndi mzere wakewake pa sitetimenti. Ndandanda uja unakonzedwa poganiza kuti pa 5 thunthu litsika ndi 9,495. Silinatsike. Ndalama imeneyo yakhala m'manja mwanu masiku 20 owonjezera, ndipo yakhala ikubereka 24 peresenti yake yanthawi zonse. Ndiye 24 peresenti ya 9,495, kugawa ndi 365, ndi 6.24 patsiku, ndipo masiku 20 akupereka 125. Obwereketsa ena amaifuna 125 imeneyi nthawi yomweyo. Ena amaiponya m'mwezi wotsatira, moti chiwongoladzanja cha gawo lachisanu, chomwe pandandanda chinali 1,662, chimaoneka ngati 1,787, n'kuchepetsa mwakachetechete ndalama yopita ku thunthu. Mukaona nambala ya pa sitetimenti yasiyana ndi ya pandandanda, musafulumire kunena kuti akuberani. Yambani mwayesa kawerengedwe aka.

Tikaphatikiza: 11,347 ndi 500 ndi 75 ndi 125 zikukwana 12,047. Iyi ndiye ndalama yoyenera kulipira pa 25, osati 11,347. Kuchedwa kwa masiku 20 kwadya 700.

Taonani pomwe pali kulemera. Mwa 700 imeneyo, 500 inagwa tsiku limodzi, pomwe chisomo chinatha. Masiku ena onse akungowonjezera pafupifupi 10 patsiku. Pa mgwirizano woterewu, nkhondo yaikulu ndi yoti ndalama ifike chisomo chisanathe. Chikatha, palibe chifukwa chothamangira kukabwereka ndalama ina yodula kwambiri kuti mupulumutse 10 patsiku.

Koma sinthani mawu ochepa mu mgwirizano muone. Chilango chikanakhala pa ngongole yonse yotsala, 92,619, bwenzi 12 peresenti yomweyo ikupereka 30.45 patsiku, ndipo masiku 20 akanapereka 609 m'malo mwa 75. N'kuchulukitsa kasanu ndi katatu, peresenti yake osasintha. Ndipo chikanalembedwa kuti 0.5 peresenti patsiku pa gawo lochedwa, nambala yooneka yaing'ono ngati kambewu, masiku 20 akanapereka 1,135, chifukwa 0.5 patsiku ndi 182.5 peresenti pachaka. Pa migwirizano yotere, tsiku lililonse limaluma, ndipo malangizo oti musathamange aja sakugwiranso ntchito. Ine ndikawerenga mgwirizano, peresenti iliyonse ndimayamba ndaisandutsa ya pachaka ndisanaganize kanthu za iyo.

Za masiku 360 kapena 365 musataye nazo tulo. Obwereketsa ena amagawa ndi 360, ndipo pa chitsanzo chathu 75 ija ingokhala 76. Zimangothandiza kudziwa pamene nambala yanu yasiyana pang'ono ndi yawo.

Chachisanu, dziwani komwe ndalama yanu imayamba kupita

Apa ndi pamene panagona vuto la m'bale wanga uja.

Mukapereka ndalama yosakwana, si inu amene mumasankha chomwe ilipire. Mgwirizano uli ndi dongosolo lake, ndipo lofala ndi ili: poyamba zindapusa ndi zolipira zina, kenako chiwongoladzanja cha chilango, kenako chiwongoladzanja chanthawi zonse, thunthu pamapeto. Komanso ngongole yakale imayamba kudya, yatsopano pambuyo.

Tiyerekeze kuti pa 25 munthu wathuyu wapereka 11,347 yokha, poganiza kuti watseka gawo lachinayi. Makina a wobwereketsa achotsa 500 ya chindapusa, 75 ya chilango, 125 ya masiku owonjezera, ndi 1,852 ya chiwongoladzanja cha mweziwo. Yotsala ndi 8,795, ndipo ndiyo ipita ku thunthu, pomwe pamafunika 9,495. Gawo lachinayi lapereweredwa ndi 700. Onani bwino chomwe chachitika: m'maganizo mwake, munthuyu akuti gawo walipira, changotsala chindapusa. M'mabuku a wobwereketsa, chindapusa chalipiridwa, chomwe chatsala ndi gawo. Ndipo gawo losakwana ndi lomwe limabereka chilango.

Papita masiku khumi, lafika tsiku la gawo lachisanu. Pa 700 ija pakwera pafupifupi 7, chifukwa ikubereka 24 ndi 12 peresenti pamodzi. Munthuyu wapereka 11,347 pa tsiku lake, osachedwa ngakhale ola. Makina ayamba atenga 707 kukatseka dzenje lakale. Ku gawo lachisanu kwapita 10,640. Lapereweranso, ndipo masiku asanu akadutsa, 500 ina yagwa. Pofika gawo lachisanu ndi chimodzi, dzenje lafika pafupifupi 1,228. Mwezi wotsatira likhala lokulirapo ndi 500 ina ndi kachiwongoladzanja kake. Akapitiriza chonchi mpaka gawo la 12, alipira zindapusa zina zisanu ndi zitatu, zokwana 4,000, chifukwa cha 700 imene sanadziwe kuti ikufunika.

Chizindikiro chake pa sitetimenti n'chosavuta kuona. Mzere wa chindapusa umabwera mwezi uliwonse pa tsiku lofanana, patangopita masiku ochepa mutalipira. Ndipo malo olembedwa ndalama yochedwa sabwerera pa 0, ngakhale tsiku lomwe mwangolipira kumene.

Kusanjikiza zindapusa motere si kololedwa kulikonse. Ku America malamulo oteteza obwereka amaletsa kulipiritsa chindapusa chatsopano pa gawo lomwe laperekedwa lonse ndi pa nthawi yake, ngati kuperewera kwake kwangochokera ku chindapusa chakale. Ku India, banki yayikulu ya dzikolo inalamula mu 2023 kuti chilango chizikhala ndalama yoima payokha, chisamawonjezedwe pa peresenti ya chiwongoladzanja, ndipo chisamaberekenso chiwongoladzanja china. Lamuloli linayamba kugwira ntchito mu 2024. Ku South Africa ndi ku Kenya kuli lamulo lomwe a zamalamulo amalitchula m'Chilatini kuti in duplum, lomwe limaimitsa chiwongoladzanja cha ngongole yolephereka chikafika pofanana ndi thunthu lotsala. Choncho mukapeza kusanjikizaku pa sitetimenti yanu, fufuzani malamulo a dziko lomwe munabwerekako, ndipo lembani kalata yodandaula yotchula masiku ndi ndalama zake. Komabe, pomwe mukudikira yankho, njira yotchipa ndi kutseka dzenjelo kuti lisakule, n'kumakangana pambuyo za kubwezeredwa.

Chachisanu ndi chimodzi, funsani funso loyenera musanalipire

Musafunse kuti gawo langa ndi zingati, chifukwa akuuzani 11,347 ndipo sananame. Funsani motere: ndikalipira tsiku lakutilakuti, ndipereke zingati kuti pasatsale chilichonse chochedwa? Tchulani tsiku limene ndalama ikalowe, ndipo pemphani kuti akugawireni nambalayo m'zidutswa zake: gawo, chindapusa, chilango, chiwongoladzanja chowonjezera. Yerekezani ndi zomwe mwawerengera. Kusiyana kwa 1 kapena 2 n'kwa kudula manambala. Kusiyana kwa mazana kukutanthauza kuti mmodzi wa inu wawerengera pa ndalama ina kapena masiku ena, ndipo ndi manambala atatu aja a pamwamba pa pepala mupeza msanga kuti ndi iti. Gawani chilango chomwe akuuzani ndi masiku, kenako muone ngati zotsatirazo zikufanana ndi 3.73 kapena 30.45.

Polipira onjezerani kangachepe pamwamba, kokwana masiku awiri kapena atatu, kuti ndalama ikachedwa panjira isaperewere ndi 10 n'kuyambitsanso kusanjikiza zindapusa kuja. Patapita masiku angapo onaninso sitetimenti mutsimikize kuti ndalama yochedwa yafika pa 0.

Ngati ndalama imadulidwa yokha mu akaunti yanu, kumbukirani kuti kudula kukalephereka chifukwa mulibe ndalama yokwanira, banki yanu ikhoza kulipiritsa yakenso, yosiyana ndi chindapusa cha wobwereketsa. Imeneyo simuipeza pa sitetimenti ya ngongole, imakhala pa ya akaunti.

Mwezi wonse ukadutsa

Tsopano tibwerere m'mbuyo, tiyerekeze kuti munthu uja pa 25 sanapereke kanthu, ndipo gawo lachisanu lamupeza, patatha masiku 30. Chilango cha 3.73 patsiku chafika 112. Chiwongoladzanja chowonjezera cha 6.24 patsiku chafika 187. Pamodzi ndi chindapusa zikukwana 799. Gawo lachinayi ndi zokwera zake tsopano ndi 12,146, ndipo kuti abwerere pandandanda wakale ayenera kupereka imeneyi ndi gawo lachisanu, zonse 23,493. Akakwanitsa, thunthu litsika kufika pa 73,439 monga ndandanda unanenera, ndipo magawo asanu ndi awiri otsalawo sasintha.

Koma tinene kuti m'thumba muli 11,347 yokha. Akangoiponya osalankhula ndi wobwereketsa, ikatseka zambiri za gawo lachinayi, lachisanu n'kukhala lochedwa lonse, chindapusa china n'kugwa, ndipo azikhala m'mbuyo ndi mwezi umodzi mpaka kumapeto, mwezi uliwonse ndi 799 yake kapena kuposerapo. Apa ndi pamene pamafunika kupempha kuti ngongole iwerengedwenso.

Kuwerenganso kumatanthauza kuti wobwereketsa atenga zonse zochedwa n'kuzilowetsa mu thunthu, kenako n'kukonza ndandanda watsopano. Pa chitsanzo chathu, atalandira 11,347 ija, atenga 73,439 n'kuwonjezerapo 12,146. Thunthu latsopano ndi 85,585. Kuyambira pamenepo chilango chimaima, chifukwa palibenso chochedwa. Mtengo wake ndi wakuti chindapusa ndi chiwongoladzanja chomwe chalowa mu thunthu chayamba nacho kubereka 2 peresenti pamwezi.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusunga tsiku lomaliza, n'kukweza gawo. Ndalama ya 85,585 igawidwe m'miyezi isanu ndi iwiri yotsala. Pa pulogalamu ya matebulo a manambala pakompyuta, lembani:

```
=PMT(0.02,7,-85585)
```

Yankho ndi 13,224 pamwezi, kukwera ndi 1,877. Magawo asanu ndi awiri akukwana 92,568. Akanapanda kuphonya, bwenzi pa gawo lachinayi ndi asanu ndi awiriwo atapereka 90,776. Ndiye kuphonyako kwamudyera 1,792 yonse pamodzi: 799 ya mwezi wochedwa uja, ndi 993 ya chiwongoladzanja pa zomwe zalowetsedwa mu thunthu.

Yachiwiri ndi kusunga gawo pa 11,347, n'kutalikitsa nthawi. Anthu amaganiza kuti ukaphonya mwezi umodzi, kumapeto kungowonjezeka mwezi umodzi. Sizikhala choncho. Ndalama ya 12,146 ija imakhala ikukula ndi 2 peresenti mwezi uliwonse kwa miyezi yonse yotsala, ndipo pofika mwezi wa 12 yafika pafupifupi 13,950. Gawo la mwezi wa 13 silingaimalize. Pamatsala zina zomwe zimalipiridwa mwezi wa 14, pafupifupi 2,940. Imeneyi ndiye mtengo wonse wa kuphonya pa njira iyi, ndipo ngongole yatalika ndi miyezi iwiri.

Njira yoyamba ndi yotchipa ndi ndalama zopitirira 1,100, koma ndi ya munthu amene akudziwa kuti 13,224 aikwanitsa mwezi uliwonse osadodoma. Ngati munalephera 11,347 chifukwa cha vuto la mwezi umodzi lomwe ladutsa, itengeni. Ngati munalephera chifukwa gawolo linali lolemera kale, kulikweza n'kudziikira msampha wina, chifukwa mukaphonyanso, chilango chiwerengedwa pa gawo lalikulupo. Pamenepo ine ndingasankhe yachiwiri, n'kufunsa ngati mgwirizano umalola kuponya ndalama yowonjezera ku thunthu popanda chindapusa, kuti mwezi wabwino ukabwera ndifupikitse mchirawo.

Musanasayine ndandanda watsopano, yang'anani zinthu izi. Kodi thunthu latsopano likufanana ndi thunthu lakale kuphatikiza zochedwa zomwe mwawerengera nokha? Kodi peresenti ndi yomwe ija, kapena yakwera? Kodi pali ndalama yolipirira kukonzanso, ndipo nayo yalowa mu thunthu? Iyi ndiyonso nthawi yopempha kuti chindapusa achichotse chisanalowe mu thunthu. Obwereketsa ambiri ali ndi mphamvu yokhululukira chindapusa, makamaka kwa munthu amene wachedwa koyamba, pomwe chiwongoladzanja chanthawi zonse sakhululuka kawirikawiri. Ngati avomera, zilembedwe. Mawu a pafoni sasintha zomwe makina akuwerengera.

Pali ngongole zina zomwe chiwongoladzanja chake chimawerengedwa kamodzi pachiyambi pa ndalama yonse yobwerekedwa, n'kugawidwa mofanana m'miyezi yonse. Pa zimenezo, 125 kapena 187 ija nthawi zambiri sipezeka, chifukwa chiwongoladzanja sichiyang'ana thunthu lotsala. Mumangowerengera chindapusa ndi chilango, ndipo chilangocho chimakonda kukhala chokwererapo. Dongosolo la komwe ndalama imayamba kupita limagwirabe ntchito chimodzimodzi.

Chinthu chomaliza choti mupeze mu mgwirizano ndi ndime yolola wobwereketsa kuitanitsa ngongole yonse nthawi imodzi. Ena amaitchula pa magawo awiri kapena atatu ophonyedwa, ena pa masiku owerengeka akuchedwa, ndipo m'mabanki ambiri ngongole yochedwa masiku 90 imaikidwa m'gulu la zomwe sizikubwezedwa. Ndimeyi ikagwiritsidwa ntchito, ngongole yonse imasanduka yochedwa, ndipo chilango chomwe chinkawerengedwa pa gawo la 11,347 chimasamukira pa 92,619, kuchoka pa 3.73 kufika pa 30.45 patsiku. Masiku akuchedwawo amawerengedwa kuchokera pa gawo lakale kwambiri lomwe silinatsekedwe lonse, ndipo ndi omwewo amene amatumizidwa kumabungwe osunga mbiri ya obwereka m'mayiko omwe mabungwewa alipo. N'chifukwa chake ngati muli m'mbuyo ndi magawo awiri ndipo ndalama ikukwanira limodzi, tsimikizani kuti yakwana kutseka lakalelo lonse, ndi zokwera zake, kuti chiwerengero cha masiku chitsike kuchoka pa 60 kubwerera pa 30. Pomwe wobwereketsa amawerenga motero, kuperewera ndi 50 yokha kumasiya chiwerengerocho pa 60.